Mmene ndinazolowezera kagalu kanga dziko kasanakwane masabata 16

Kagalu kanga ndinakatenga ku Luwinga kali ndi masabata 8, dala sindinakatenge kasanafike pamenepo chifukwa kwa mayi wake ndi abale ake nkomwe kamaphunzira kuti kuluma kwambiri kumawawa. Nkhani yake ndi iyi, kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 14 galu amalandira zinthu zachilendo mosavuta, pofika 16 mwayi uja umakhala ukutha ndipo chilichonse chimene sanachionepo amayamba kuchikayikira. Vuto ndi loti nthawi yomweyo katemera amakhala asanathe, ndiye pavo, matenda oopsa a m'mimba amene amapha tiagalu, akungodikira panja.

Ndinayamba ndi a vetenale. Jakisoni woyamba wa pavo ndi anzake amabaya pa masabata 6 mpaka 8, kenako kumabwereza pakapita masabata 3 kapena 4 mpaka kafike 16, wa chiwewe pa miyezi 3. Amabwereza chonchi chifukwa chitetezo chimene kanayamwa kwa mayi wake chimatha kutchinga katemera kuti asagwire, ndiye jakisoni mmodzi musamudalire. Pavo amakhala m'dothi miyezi yambirimbiri, olo galu wodwalayo anafa kalekale. Kakayamba kusanza, kukana chakudya, kufooka ndi kutsegula m'mimba zamagazi zonunkha, thamangani nako tsiku lomwelo, osadikira mawa.

Ndiye lamulo langa linali loti maso ndi makutu zione zonse koma miyendo isaponde pansi paliponse pamene agalu osadziwika amadutsa. Ndimakanyamula m'manja, pena m'kabeseni koyala chitenje chakale, nkukaima chapatali ndi msewu waukulu uko ku Katoto, kazingoonera maminibasi, akabaza, njinga zamoto, ana asukulu akuweluka. Mphindi 10 zokha basi, tibwerere. Kumsika kapena kudepoti sindinalowe nako, phokoso lake ndi lochuluka kwa kanthu kakang'ono chonchi komanso agalu oyendayenda ndi mbwee.

Chondiuza ngati zikuyenda bwino chinali usipa. Ndimatenga tizidutswa m'thumba, njinga yamoto ikadutsa ndikapatsa. Kakalandira nkumadya ndiye kuti mtima uli m'malo, mwina nkusendera pafupi pang'ono. Kakakana usipa, mchira wapinda kulowa pansi, makutu agonera kumbuyo, kakuyasamula kapena kunyambita milomo pomwe sikanadye kanthu, ndiye kuti tayandikira kwambiri, ndimabwerera m'mbuyo mpaka kayambenso kudya. Apa mpamene ambiri amaphonya, amaganiza kuti kukakamiza ndiye kuzoloweza, eti "kasiyeni kalire kazolowera". Ayi ndithu, makamaka cha pa masabata 8 mpaka 11 kamachita mantha msanga ndipo chimene chakaopseza nthawi imeneyo chimatha kukakanirira mpaka kukula.

Zambiri zinachitikira pakhomo pompano. Alendo akabwera ndimawapempha asambe m'manja, nsapato zitsale pakhomo, akhale pansi nkudikira kagalu kabwere kokha, osati kukathamangira nkukanyamula. Ndinkafuna kaone anthu osiyanasiyana, abambo a ndevu ndi chipewa, agogo oyenda ndi ndodo, munthu wa gambuti ndi ambulera, wovala helemeti. Ana a aneba ndimawalowetsa awiriawiri ine ndili pomwepo, gulu lonse likabwera ndi chikuwa kagalu kamangothawira kunsi kwa mpando. Mvula ya kuno mukuidziwa mmene imalirira pa malata, ikayamba ndimakapatsa chakudya nthawi yomweyo kuti phokosolo lizikakumbutsa zabwino. Madzulo ndimakagwira zikhatho, kusuzumira m'makutu, kutsegula kukamwa, kukaveka kalamba m'khosi, kuti tsiku lokabayitsa kapena kuchotsa nkhupakupa isadzakhale nkhondo. Nkhuku kanazionera kuseri kwa waya kaye, kenako pafupi kali pa chingwe.

Za agalu anzake ndinasankha mmodzi yekha, wamkulu wa mlamu wanga, wofatsa, wobayitsa zonse ndipo khadi lake ndinaliona ndi maso anga. Amakumana pakhonde la simenti lokolopa bwino, pa mpanda umene sipanadwalepo galu.

Aneba ena anandifunsa kuti, "Koma achimwene, galu wozolowera aliyenseyu adzalondera nyumba?" Ambiri kuno amatsekera kagalu m'khola kuti kasaone anthu ati kadzakhale kolusa. Chimatuluka m'kholamo ndi galu wamantha, ndipo wamantha ndi amene amaluma mwana wobwera kudzatenga mpira kapena munthu wowerenga mita ya madzi. Kuuwa pageti usiku galu amayamba yekha akamakula, sizifuna kumuzunza.

Jakisoni womaliza atabaya ndinadikirabe masabata 2 monga anandiuzira a vetenale, kenako mpamene kanayamba kuyenda ndi miyendo yake m'timisewu ta kwathu ku Chibavi, pa chingwe, usipa ukadali m'thumba.