K500 pa tsiku, koma polowera ndi K30,000

Lolemba m'mawa bwana anandiikira pepala patebulo: kampani ina yogulitsa zida za sola ikufuna uthenga wa pawailesi wa masekondi 30. Katundu wake ndi bokosi la batire, mababu atatu, potchajira foni ndi kawailesi. Wogula pakamodzi amalipira K180,000. Wofuna kulipira pang'onopang'ono amayamba wapereka K30,000, kenako K3,500 sabata iliyonse kwa masabata 52. Pansi pa pepalalo eni katundu analemba ndi zilembo zikuluzikulu mawu amene ankafuna kuti amveke kawiri: "K500 yokha pa tsiku!"

Ndisaname, mtengo wa pa tsiku ndimaukonda. Munthu akamva K180,000 amatseka makutu, koma K500 amaiyerekeza ndi zimene amawononga kale pa makandulo, mabatire a tochi ndi kutchajitsa foni pagolosale. Ndipo masamu ake ndi olondola, chifukwa K3,500 kuigawa masiku 7 ikupereka K500. Chinandivuta n'chakuti palibe tsiku limene munthu angatumize K500 n'kuyatsa magetsi. Ndalama yochepetsetsa imene makina awo amalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndi ya sabata yathunthu, ndipo K30,000 ija sinatchulidwe paliponse m'mawu amene ankafuna kuti amveke pawailesi.

Lachiwiri ndinajambula mawuwo pafoni monga momwe eni ake anafunira, n'kukawamvetsa mayi amene amagulitsa mandasi pageti pathu. Ndimachita zimenezi kawirikawiri, ndipo funso langa limakhala limodzi: "Mayi, mutafuna chinthuchi mawa, mungatenge ndalama zingati popita kusitolo?" Iwo anayankha osaganiza kawiri: "Si mwanena nokha kuti K500, achimwene?" Nditawauza za K30,000, nkhope inasintha. Anati, "Ndiye munthu awononge ya minibasi kukangochita manyazi pakauntala?" Uthenga ukalakwika, umu ndi mmene ndimadziwira: ndalama imene womvera akuganiza kuti anyamule ikusiyana ndi imene akamuuze wogulitsa.

Lachitatu linathera pa mkangano. Ndinawerengera pamaso pa mkulu wa zamalonda wa kampaniyo: masabata 52 a K3,500 ndi K182,000, kuphatikiza K30,000 yoyamba ikukwana K212,000. Ndiye kuti wolipira pang'onopang'ono akuwonjezera K32,000 pa mtengo wa pakamodzi. Kuwonjezerako si mlandu, ngongole iliyonse ili ndi mtengo wake, koma munthu ayenera kuudziwa asanasaine. Iwo ankati nambala zikachuluka anthu amasokonezeka, ndipo pamenepo sankanama, pakuti kutchula K212,000 bwinobwino kumadya pafupifupi masekondi atatu. Ndinawakumbutsa kuti bungwe la CFTC, loona za chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo a ogula pa zotsatsa zosocheretsa, koma chimene chinawagwira mtima ndi china. Ndinawafunsa kuti, "Bwana, amene akayang'anizane ndi anthu okwiya ndani, inu kapena ogulitsa anu akumudzi?"

Panalinso nkhani ya kawailesi. Ankafuna tinene kuti ndi kaulere. Nditayang'ana mndandanda wa mitengo yawo, ndinapeza kuti bokosi lomwelo lopanda wailesi ndi K165,000. Chinthu chimene chikukweza mtengo ndi K15,000 si banyira ayi. Mayi wa tomato akakuikira banyira sakweza mtengo wa mulu. Tinagwirizana kungonena kuti "pamodzi ndi wailesi".

Mawu akuti "ngongole" anawakana, ndipo ine sindinalimbikire, chifukwa "kulipira pang'onopang'ono" aliyense amamva. Chimene sindinalole kuchotsa ndi chakuti sabata ikapita osalipira, bokosilo limadzitseka mpaka utalipira. Mlimi amene ndalama amaziona akagulitsa soya kapena mtedza ayenera kumva zimenezi, kuti aganizire za Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene m'thumba mumauma.

Lachinayi mu situdiyo tinayamba ndi mawu 68 ndipo anatenga masekondi 37. Mawu a Chichewa ndi aatali, sungawathamangitse osameza nambala. Ndinachotsa moni wa anthu awiri ocheza ndi chiganizo chotamanda kuwala kwa mababu, n'kusiya pakati pa uthengawo motere:

"Yambani ndi K30,000, kenako K3,500 pa sabata kwa chaka chimodzi. Imeneyo ili ngati K500 pa tsiku. Zonse pamodzi K212,000, kapena K180,000 mukalipira pakamodzi. Sabata imene simunalipire, magetsi sayaka."

Mawu akuti "yokha" anachoka, ndipo K500 ija inabwera pambuyo pa ndalama zenizeni zimene munthu amatulutsa. Ndinapempha wowerenga kuti chiganizo cha K212,000 achinene pa liwiro lofanana ndi zina zonse, osachithamangitsa kumapeto nyimbo ikukwera.

Lachisanu masana eni katundu anavomereza, atapempha kuti dzina la kampani limveke katatu m'malo mwa kawiri. Potuluka ndinawamvetsanso mayi aja. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwerenga pa zala. Anati, "K30,000 ndilibe pano. Mwina tikagawana kubanki m'khonde mu Disembala."