Mmene ndinasanjira malamulo a komiti yathu ya mjigo

Komiti yathu ya mjigo kuno ku Chipata inandipatsa mapeji 6 olembedwa pamanja kuti ndiwakonze tisanapite kukalembetsa kuboma. Malamulo onse analimo ndithu, koma anali ngati nyemba zosasankha. Za ndalama zinali pakati pa za masankho, za chilango zinamwazikana paliponse.

Ndinakopera chiganizo chilichonse pa kapepala kakekake n'kuyala pamphasa, zofanana pamodzi. Panatuluka milu 7: dzina ndi zolinga, umembala, maudindo, misonkhano, ndalama, chilango, ndiponso kusintha malamulo. Mulu uliwonse unakhala Mutu. M'kati mwa Mutu ndinaika magawo, monga 5.1 ndi 5.2, ndipo m'gawo ndinaika ndime (a), (b), (c). Ndime imodzi, lamulo limodzi basi.

Chiganizo chimene chinandidyera nthawi ndi ichi: "Banja losapereka K20 pamwezi lisatunge madzi, wosunga ndalama alilembe, koma okalamba ayi." M'menemu munabisala malamulo angapo. Zopereka K20 zinapita ku 5.1(a). Zolemba maina ndi ntchito ya munthu, motero zinapita ku Mutu 3 wa maudindo. Zoletsa kutunga ndi chilango, ku 6.1(a). Nanga "okalamba ayi"? Sapereka, kapena amapereka koma saletsedwa kutunga? Apa sindinasankhe ndekha, chifukwa kusanja malamulo si kupanga malamulo. Ndinafunsa pamsonkhano, ndipo a wakumpando anati, "Mwanawe, tinatanthauza kuti agogo sapereka." Onse atavomera, ndinalemba 5.1(b).

Kenako ndinalimbana ndi mawu. Munthu mmodzi yemweyo ankatchedwa wosunga ndalama, msungichuma, kwinanso wa thumba. Mkangano utabuka, wina angathe kunena kuti amenewa ndi anthu atatu. Ndinasunga "msungichuma" ponseponse. Chimodzimodzi "msonkhano": wa komiti yokha ndi wa mamembala onse ankatchedwa mofanana, ndiye wa mamembala onsewo ndinautcha "msonkhano waukulu" n'kuufotokoza kamodzi kokha mu Mutu 4.

Chimene ndimachiona chachikulu ndi kusiyanitsa "ayenera" ndi "angathe". "Msungichuma ayenera kupereka lisiti" akutanthauza kuti akapanda kutero walakwa. "Komiti ingathe kukhululukira banja la maliro" ndiye kuti ili ndi ufulu wosankha. Mawu ngati "ndi bwino" kapena "aziyesetsa" ndinawabweza kumsonkhano kuti anene kumene akugwera, chifukwa sungaimbe nawo munthu mlandu.

Manambala olozera kwina ndinawasiya komaliza, koma ndinalakwitsabe. Nditasuntha gawo limodzi, ndime ya chilango inkanenabe kuti "onani 5.2" pamene za K20 zinali zitakhala 5.1. Ndinazindikira powerenga mokweza ndi mlembi wathu, iye atagwira mapeji akale, ine atsopano, tikuchonga chiganizo ndi chiganizo. Ndi pomweponso tinapeza kuti lamulo lotseka mjigo usiku linatsala pamphasa, ndipo linalowa m'gawo la ntchito za wosamalira mjigo, 3.4(c).