Lipoti la ulendo wa akalipentala: zimene tinaphunzira pa kakambidwe ka mtengo

Gulu lathu linatuma ena mwa ife kukacheza ndi kopaletivi ina ya akalipentala imene imagulitsa mipando kwa ogula mopikula. Chimene chinatitengera kumeneko ndi funso limene lakhala likutivuta pa misonkhano: anzathuwa amagulitsa mpando motsikirapo kuposa ife, nanga bwanji kumapeto kwa chaka amagawana zambiri? Ena ankati mwina matabwa amawapeza motchipa, ena ankati amabera pa vanishi. Titafika anatiyendetsa mu shedi yonse, ndipo tinaona kuti matabwa ndi omwewo, guluu ndi yemweyo, ndipo mpando wawo sugwedera. Kusiyana kunali m'buku la msungichuma wawo, mayi wodekha amene ndiye amatsogolera zokambirana ndi ogula.

M'buku lawo oda iliyonse ili ndi tsamba lake. Mtengo uli pamzere woyamba, koma pansi pake pali mizere ina: tsiku lolipira, dipoziti, wonyamula katundu ndani, mipando ituluke ingati pa ulendo umodzi. Ife timalemba mtengo ndi chiwerengero basi, zinazo timaziona ngati zodziwikiratu.

Mayiwo sanafune kungotiuza. Anapempha awiri a ife kuti achite sewero, wina akhale kalipentala, wina wogula mipando 200. Kuti masamu asavute anati tiziwerengera ngati mpando timautchula 100, ndipo wogula akufuna 90. Anzathu aja ananenererana mwamphamvu. Wogula anati mipando yadzadza paliponse, kalipentala anati matabwa akwera, wogula anayerekeza kunyamuka, ndipo pasanathe mphindi zisanu anagwirana chanza pa 95. Tinawaombera m'manja. Mayiwo anangofunsa kuti, "Bambo, mwagwirizana 95, koma ndalamayo mudzailandira liti, ndipo mipandoyo ikafika bwanji kwa wogula?" Onse awiri anayankha kuti monga mwa nthawi zonse: kalipentala achita hayala lole, ndipo wogula alipira patatha miyezi iwiri katundu atafika.

Apa mayiwo anatenga choko ndi chidutswa cha pulayiwudi n'kuyamba kulemba. Zipangizo za mpando umodzi ndi 60, ndipo kalipentala amazigula ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi. Mwezi umodzi ndi wokhoma, miyezi iwiri ndi yodikira malipiro, ndiye kuti ngongoleyo ikhala miyezi itatu, chiwongoladzanja 9 pa mpando. Hayala ya lole ndi 4 pa mpando. Pa 95 paja, mukachotsa 60, muchotse 9, muchotsenso 4, kalipentala watsala ndi 22.

Kenaka anatembenukira kwa wogula. Wogula wawo weniweni, amene anatengerapo chitsanzochi, ali ndi ndalama zongokhala ku banki zimene zimamubweretsera pafupifupi 1 peresenti pamwezi. Alinso ndi lole yake imene imadutsa pafupi ndi shedi ikubwerera yopanda kanthu. Akapereka 60 ija ngati dipoziti pa tsiku la oda, amataya chiwongoladzanja cha miyezi itatu, pafupifupi 2 pa mpando. Akapatutsa lole yake kudzatenga mipando, mafuta ndi nthawi ya dalaivala zimamudyera 1 pa mpando. Tsono mayiwo analemba mgwirizano wina: mtengo 90, dipoziti 60, lole ya wogula, zotsala alipire pa nthawi yakale ija. Kalipentala alibenso ngongole, alibenso hayala, watsala ndi 30 m'malo mwa 22. Wogula zonse pamodzi zamutengera 93 m'malo mwa 95. Kalipentala wawonjezera 8, wogula wapulumutsa 2, ndipo pa mipando 200 pali 2,000 amene mu sewero lija anapita kwa wobwereketsa ndalama ndi mwini lole ya hayala, popanda mmodzi wa awiriwo kudziwa.

Tinakhala nthawi ndithu tikuyang'ana pulayiwudi ija. Mkulu wina wa gulu lathu anafunsa mobwereza kuti, "Mayi, ndiye kuti ndatsitsa mtengo koma ndapindula?" Anamuyankha kuti inde, chifukwa chimene chimalowa m'thumba ndi chotsala zonse zikachoka. Phindu latsopanolo likuchokera poti chinthu chimodzimodzi chili ndi mtengo wosiyana kwa anthu awiri. Miyezi itatu ya ndalama imamudyera kalipentala 9 pomwe wogula imamudyera 2. Ulendo wa lole ndi 4 kwa mmodzi, 1 kwa mnzake. Paliponse pamene pali kusiyana kotere pali msinthano wopindulira onse: aliyense asenze chimene chili chopepuka kwa iye.

Mlembi wa kopaletiviyo, amene anaphunzirapo za kayendetsedwe ka bizinesi, anatiuza kuti akatswiri amagawa zokambirana pawiri. Richard Walton ndi Robert McKersie, pofufuza zokambirana za mabwana ndi mabungwe a ogwira ntchito mu 1965, anasiyanitsa kukambirana kolimbirana gawo ndi kukambirana kophatikiza zofuna za mbali zonse. Kolimbirana gawo kuli ngati anthu awiri akudula thabwa limodzi: mbali yako ikatalika ndi inchi, ya mnzako yafupika ndi inchi yomweyo. Mtengo paokha umayenda chomwecho. Vuto ndi loti ambiri timalowa m'zokambirana titaganiza kale kuti nkhani iliyonse ndi yotero, kuti chimene mnzanga akufuna ndi chimene ine nditaye. Munthu woganiza choncho safunsa mafunso, poopa kuoneka wofooka, ndipo mnzake akapereka maganizo atsopano amawakana asanawawerengere, poganiza kuti ngati zamukomera iyeyo ndiye kuti zikundipweteka ine.

Anatipatsanso chitsanzo cha mayiko. Israeli inalanda chigawo cha Sinai kwa Iguputo pa nkhondo ya 1967. Pokambirana ku Camp David, ku America, mu 1978, nkhani ikanangokhala yoti malire adutse pati, sikweya mita iliyonse ikanakhala yolimbirana. Koma Iguputo chimene inkafuna kwenikweni ndi ulamuliro pa dziko lake lonse, pomwe Israeli inkafuna kuti akasinja ankhondo asayandikire malire ake. Pangano la mtendere la 1979 linabwezera Sinai kwa Iguputo, ndi malamulo ochepetsa asilikali ndi zida m'chigawocho. Ine chitsanzochi chinandithandiza kuona kuti chimene munthu watchula pakamwa ndi chimene chikumuvuta mumtima nthawi zambiri n'zosiyana, ndipo munthu umachidziwa chachiwiricho pofunsa kuti chifukwa chiyani.

Koma mayi msungichuma sanatilole kuti tichoke ndi maganizo akuti kukambirana kotere ndi kukomerana mtima chabe. Anabwerera pa pulayiwudi n'kutifunsa kuti n'chifukwa chiyani analemba 90, osati nambala ina. Ndi dipoziti ndi lole ya wogula, kalipentala amaposa 22 wake uja pa mtengo uliwonse wopitirira 82, ndipo wogula amapulumutsa pa mtengo uliwonse wosafika 92. Pakati pa 82 ndi 92 onse apindula poyerekeza ndi sewero lija, koma 10 watsopanoyo ayenera kugawidwa, ndipo kugawako ndi kulimbirana ndithu. Pa 90 kalipentala watenga 8, pa 84 watenga 2 yekha. Apa m'pamene pali msampha. Kuti mupeze msinthano muyenera kuululako zimene zikukuvutani, koma mukaulula zonse, mwachitsanzo kuti ngongole yakufikani pakhosi ndipo popanda dipoziti simungagule matabwa, wogula wochenjera apereka dipozitiyo n'kukukankhirani ku 83.

Njira yawo ndi iyi. Amauza wogula zimene zili zofunika kwambiri kwa iwo, kuti kulipidwa msanga kumaposa zina zonse, koma nambala yawo yomaliza satchula. Ndipo m'malo mopereka mtengo umodzi amapereka iwiri imene kwa iwo ndi yofanana: 94 ndi dipoziti ife tikubweretserani, kapena 90 ndi dipoziti mudzatenge nokha. Ponse pawiri amatsala ndi 30. Wogula akasankha wachiwiri mosazengereza, akalipentalawo adziwiratu kuti thiransipoti kwa iye ndi yotchipa, ngakhale iye sananene. Akasankha woyamba, adziwa kuti za lole asataye nazo nthawi. Amapewanso kumaliza nkhani imodzi imodzi. Mukatseka mtengo poyamba kenaka n'kupempha dipoziti, mulibenso chopereka posinthana, ndipo pempho lanu limamveka ngati kupempha chifundo. Iwo amasiya mizere yonse ya tsamba lija yotsegula mpaka onse agwirizane pa tsamba lathunthu.

Mnzathu wina anafunsa funso limene ndinaliona lanzeru: wogula angakhulupirire bwanji kupereka 60 pa mpando asanaone kanthu? Mayiwo anavomera kuti 2 uja ndi wa chiwongoladzanja chokha, sakuwerengera mantha a wogula akuti kalipentala angadye dipoziti. Kwa wogula wachilendo mantha amenewo angathe kuposa phindu lonse, ndipo msinthano umafera pomwepo. Iwo anayamba ndi kugawa oda m'magawo a mipando 50, dipoziti ya gawo lililonse ikuperekedwa gawo lapitalo litatengedwa, zonse zolembedwa ndi kusayinidwa. Atachita zimenezi anapeza kuti wogulayo sankafuna n'komwe mipando 200 nthawi imodzi, poti analibe pouika, ndipo iwonso shedi yawo inkadzadza. Mbali zonse zinkafuna chinthu chimodzi, koma kwa nthawi yaitali aliyense ankaganiza kuti mnzake akana.

Anatiuzanso mosabisa pamene njirayi siigwira. Munthu wodutsa akafuna mpando umodzi, ndalama ili m'manja, anyamula yekha ndipo simudzamuonanso, nkhani ndi mtengo basi. Pamenepo dziwani nambala imene simungatsikepo, dziwani chimene muchite akakana, ndipo nenererani molimba. Kufunafuna msinthano pamene palibe n'kutaya nthawi. Koma oda ikakhala yaikulu, kapena wogula ndi wobwerabwera, pali zizindikiro zoti mwasiya ndalama patebulo: nonse mwangotchula manambala, mwathera pakati penipeni, mwamaliza msanga, ndipo palibe anafunsa mnzake chifukwa chake.

Pobwerera tinagwirizana zoti tipereke ku msonkhano wotsatira. Msungichuma wathu awerengere chiwongoladzanja ndi hayala pa mpando umodzi pa maoda a chaka chatha, chifukwa popanda manambala amenewo sitingadziwe kuti dipoziti tingaigule ndi kutsitsa kochuluka bwanji. A komiti ya malonda akakumana ndi ogula athu akuluakulu, asanatchule mtengo akawafunse ngati ali ndi galimoto yawo, malo awo osungira katundu ndi aakulu bwanji, ndiponso amafuna mipando ingati pamwezi.