Kutentha kwa malata kumatsika bwanji, ndipo siling'i imatchinga chiyani

Mutu wa kayendedwe ka kutentha mu fizikisi umaphunzitsidwa ndi zitsanzo za supuni ndi madzi owira, koma ine wandilowa bwino nditauyika pa denga la malata. Buku limati kutentha kumayenda m'njira zitatu: kondakishoni, pamene kukudutsa m'kati mwa chinthu, konivekishoni, pamene mpweya kapena madzi akukunyamula, ndi rediyeshoni, pamene kukuuluka ngati cheza popanda chokunyamula. Funso limene ndinadzipatsa sabata ino ndi lakuti, mwa zitatuzi, ndi iti imene imatiwotcha m'nyumba ya malata masana a mu Okutobala? Yankho lake ndi limene likuuza munthu siling'i yoyenera kuika.

Tiyambire pamwamba. Kukakhala kopanda mitambo, dzuwa la masana limathira mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita iliyonse. Kuno ku Malawi, kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, choncho denga ndi limene limalandira zambiri kuposa makoma. Lata lakale, lofiira ndi dzimbiri kapena lopakidwa utoto wakuda, limamwa gawo lalikulu la mphamvu imeneyi. Tsono lata ndi lopyapyala, silikwana ndi theka la milimita, ndipo chitsulo sichikaniza kutentha. Kunsi kwa lata kumatentha chimodzimodzi ndi pamwamba pake, ndipo sipatenga nthawi: mtambo ukangochoka mumamva malata akuthetheka, ndiko kufutukuka kwa chitsulo chikukhuzana ndi misomali. Lata lofika madigiri 60 kapena 70 si chachilendo, ngakhale mpweya wa panja uli pa 33.

Kondakishoni yathera pomwepo, m'kati mwa lata. Nanga kuchoka pa lata kufika pamutu pa munthu amene wakhala pampando? Ambiri timati malata amatenthetsa mpweya, mpweyawo n'kutitenthetsa ife. Zimachitika ndithu, koma pang'ono. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndiye ukatenthedwa ndi lata umangokhala komweko kudenga, sutsika wokha. Chimene chimatsika ndi cheza chosaoneka ndi maso, chimene chinthu chilichonse chotentha chimatulutsa. Taganizani za kuotha moto mu Juni. Nkhope imatentha, msana uli zii, ndipo wina akangoima pakati pa inu ndi motowo mumadandaula nthawi yomweyo kuti wakutchingani. Mpweya sunasinthe, chadulidwa ndi cheza. Denga la malata masana ndi moto wotero, kungoti ndi waukulu ngati chipinda chonse ndipo uli pamwamba panu.

Pali kayesedwe kosavuta. Imani pansi pa malata cha m'ma 1 koloko, mugwire katoni yaikulu pamwamba pa mutu. Pamphumi ndi m'mapewa mumamva kupepukidwa nthawi yomweyo, chonsecho mukupuma mpweya womwewo.

Kenako ndinafuna manambala. Lamulo la Stefan ndi Boltzmann limati cheza chimene chinthu chimatulutsa chimakula motsatira tempirecha yochulukitsidwa yokha kanayi, ndipo tempirechayo iyenera kukhala mu makelivini, kutanthauza madigiri athu aja kuphatikiza 273.

```
q = e × σ × (T1⁴ − T2⁴)
σ = 5.67 × 10⁻⁸
```

Apa q ndi mawati otsika pa sikweya mita, T1 ndi tempirecha ya lata, T2 ndi ya m'chipinda, ndipo σ ndi nambala yosasintha. Ndinatenga chipinda cha mamita 3 kwa 4, ndiye denga la masikweya mita pafupifupi 12. Lata ndinaliika pa madigiri 65, omwe ndi makelivini 338, pansi ndi katundu wa m'chipinda pa madigiri 30, omwe ndi 303. Lata lotulutsa cheza mokwanira likanatumiza mawati 740 pa sikweya mita, chipinda n'kubweza 478, kusiyana kwake n'kukhala 262. Koma palibe chinthu chotulutsa mokwanira, n'chifukwa chake pali chilembo cha e, chimene chimakhala pakati pa 0 ndi 1. Matabwa, njerwa, utoto, fumbi ndi mwaye zili cha pa 0.9. Ngati kunsi kwa lata kuli kwakale, kwa fumbi ndi utsi, e ya mbali ziwirizi pamodzi imatuluka pafupifupi 0.8, ndipo chotsika ndi mawati 210 pa sikweya mita. Kuchulukitsa ndi 12, tikupeza mawati pafupifupi 2,500. Thupi la munthu amene wangokhala limatulutsa mawati ngati 100, ndiye denga lokhalo likuthira m'chipinda kutentha kwa anthu 25.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi chilembo cha e chija. Chitsulo chonyezimira chimaumira cheza. Lata latsopano, loti kunsi kwake kukadali mbee, e yake ili cha pa 0.25, ndipo kuwerenga komwe kuja kumapereka mawati osakwana 800. N'chifukwa chake nyumba yomweyo imanka niwotcha malata akamakalamba: pamwamba pada, pakumwa dzuwa lambiri, kunsinso kwada, kukutulutsa cheza chambiri. Ofuna kupaka utoto, pakani woyera pamwamba. Kunsi konyezimira kusiyeni momwemo.

Tsono siling'i. Ntchito yake yoyamba ndi ya katoni ija, kuima pakati. Cheza cha malata chimagwera pamwamba pa siling'i, siling'iyo imatentha, kenako nayonso imayamba kutulutsa cheza chake kunsi. Apa ndi pamene anthu amakhumudwa, poti amayembekeza kuti kutentha kutheratu. Ndinawerenga za siling'i yopyapyala, monga pulayiwudi wa mamilimita 4, m'denga lotsekedwa mbali zonse. Imakhazikika pamene chimene ikulandira chafanana ndi chimene ikutaya, ndipo tikangowerenga cheza chokha pamenepo ndi cha pa madigiri 49. Kutentha kotsika kumadulidwa pakati, kuchoka pa 2,500 kufika cha m'ma 1,250. Ndi phindu lalikulu, munthu amalimva, koma siling'i ya madigiri opitirira 40 ikadali yotentha kuposa khungu lanu. Ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene mpweya weniweniwo umapitirira 40, theka lotsalalo si lochepa.

Pulayiwudi payekha sakaniza kutentha kwenikweni, chifukwa ndi wopyapyala. Chimene chimakaniza ndi mpweya wotsekeredwa m'timipata ting'onoting'ono, moti sungayende. Ulusi wagalasi, umene amagulitsa m'mipukutu, wokhuthala masentimita 5, umakaniza kutentha kuposa pulayiwudi uja pafupifupi ka 40. Mukauyala pamwamba pa siling'i, pamwamba pake pakhale madigiri 55 kunsi 30, chodutsa ndi mawati 20 okha pa sikweya mita, kapena 240 chipinda chonse. Denga la udzu limazizira pa chifukwa chomwechi: udzu wokhuthala ndi mpweya wochuluka womangidwa m'mapesi. Ndiye amene ndalama ya ulusi alibe asadzione otsalira. Mphasa ziwiri kapena zitatu zosanjikiza, kapena bango lolukidwa mothinana, zimaposa chinsalu chimodzi kapena masaka osokedwa, ngakhale masakawo amatchingabe cheza. Vuto la zomera ndi chiswe, makoswe ndi moto. Mawaya a magetsi asagone pa bango, adutse m'mapaipi ake.

Njira ina ndi pepala la aluminiyamu, lija amaliyala pansi pa malata pofolera. Ndi lopyapyala ngati pepala ndithu, koma e yake ili cha pa 0.05, moti mu kuwerenga kwathu kuja cheza chimatsika kuchoka pa 210 kufika pafupifupi 13. Lili ndi malamulo ake awiri amene amisiri ena sawasamala. Mbali yonyezimira iyenera kuyang'anana ndi mpata wa mpweya, wa masentimita awiri kapena kuposa. Mukaipanikiza ndi thabwa kapena ulusi, kutentha kumangodutsa mwa kondakishoni, kunyezimira kuja n'kukhala kopanda ntchito. Lachiwiri ndi fumbi. Pepala loyalidwa chagada pamwamba pa siling'i limagwira bwino poyamba, koma fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala likangolikuta, e yake imakwera. Likakhala pa mapaso, mbali yonyezimira itayang'ana pansi, fumbi silikhalapo.

Pali nkhani ya mpweya wa pakati pa malata ndi siling'i, imene ine ndikuona kuti ndiyo imanyalanyazidwa kwambiri. Pomanga, mmisiri amatseka mpata wa pakati pa khoma ndi malata ndi njerwa, ndipo chifukwa chake n'chomveka, poti mpata umenewo ndi khomo lalikulu la udzudzu wa malungo. Koma mukatseka ponse n'kuikanso siling'i, mwapanga bokosi la mpweya wotentha wopanda kothawira. Mpweyawo umafuna polowera m'munsi, cha kukhonde, ndi potulukira pamwamba, pansonga ya khoma la m'mbali kapena pamsana pa denga. Wotentha ukamatuluka pamwamba umakoka wozizira m'munsi, ndipo umatenga kutentha kwa siling'i n'kupita nako panja. Mabowo awiri ang'onoang'ono okongoletsa khoma, onse pa msinkhu umodzi, sakoka kwenikweni pokhapokha kukhale mphepo. Bowo lililonse likhale ndi waya wa sefa, apo ayi mudzakhala ndi mileme, ndipo fungo la ndowe zake likalowa mu siling'i silichoka msanga.

Kudziwa ngati siling'i ikugwira ntchito sikufuna chida. Cha m'ma 2 koloko masana kwerani pampando, muike chikhatho pa siling'i, kenako pa khoma la m'kati limene silionana ndi dzuwa. Zikafanana, denga lanu lili bwino, ndipo kutentha kumene mukumva kukuchokera kwina, mwina pa zenera kapena pa khoma la kumadzulo. Siling'i ikakhala yofunda kwambiri kuposa khomalo, mwina pamwamba pake palibe chokaniza, mwina mpweya sukutuluka. Tsegulani kachitseko ka kudenga: mukalandiridwa ndi mpweya wotentha wosayenda, yambani ndi mabowo, omwenso ndi otchipa. Pakakhala malo ofunda apa ndi apo pokha, ndiye kuti ulusi unasiya mipata poyala.

Usiku zinthu zimatembenuka. Lata limazizira msanga dzuwa likangolowa, ndipo kukakhala kopanda mitambo limataya cheza kumwamba mpaka kuzizira kuposa mpweya wa panja. M'nyumba yopanda siling'i, lata lozizirali limakoka kutentha kwa m'chipinda. Mu Juni ndi Julayi zimenezi ndiye zimabweretsa chisanu cha m'bandakucha ndi madontho aja ogwa kuchokera kudenga mvula isanagwe, omwe ndi chinyezi cha m'nyumba chimene chasanduka madzi pa chitsulo chozizira. Siling'i imathandiza pamenepo. Koma mu Okutobala siling'i yomweyo imachedwetsa nyumba kuzizira, makamaka ngati makoma a njerwa amwa dzuwa tsiku lonse ndipo akulibweza usiku. Choncho nyumba ya siling'i imafuna mazenera oyang'anizana, okhala ndi sefa, otsegulidwa kuyambira madzulo mpaka m'mawa, n'kutsekedwa dzuwa likakwera, mpweya wa panja usanatenthe kuposa wa m'kati.