Masekondi atatu opanda pakamwa

Gulu lathu la Lachisanu usiku linali la anthu asanu, ndipo Rocket League ya atatu kuno atatu uko imafuna asanu ndi mmodzi. N'chifukwa chake ndinakopa alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, munthu wofatsa amene ngakhale mwala ukawapunthwitsa amaupepesa ndi iwo. Ndinawauza kuti gemuyo ndi yosavuta: magalimoto akusewera mpira kwa mphindi zisanu, basi. Sindinawauze kuti mpirawo ndi waukulu kuposa galimoto, kuti galimotoyo imadumpha ndi kuuluka, ndiponso kuti munthu watsopano amatha mlungu wathunthu akudutsa pansi pa mpira osaukhudza n'komwe.

China chimene sindinawauze n'chakuti pagululo wapakamwa ndine.

Mu gemu imeneyi simufunika kulemba kuti munyoze munthu. Muli mawu okonzeratu amene mumatumiza ndi mabatani a mivi ya pa kontirola. Mukadina kumanzere kenako pansi, pa sikirini ya aliyense pamatuluka `What a save!` Mawuwa anawaikamo kuti muziyamikira mnzanu akatchinga bwino mpira pagolo. Koma amene anasewerapo akudziwa ntchito imene timawagwiritsa: timawatumiza munthu akauphonya mpirawo n'kulowa. Pakati pa ife asanu zinkakoma, chifukwa mphamvu zathu zinali zofanana. Ukamugemula mnzako pa mphindi yoyamba, pofika yachitatu waphonya ndiwe ndipo wakubwezera. Ngongole yake sinkagona.

Alamu analibe chobwezera. Sankadziwa batani lake, ndipo ngakhale akanalidziwa, akanapeza pati mpata? Mlungu woyamba anali timu ina, ndipo mpira uliwonse umene unawadutsa ndinaulandira ndi kumanzere, pansi. Kachiwiri konse anandiyankha pa mahedifoni kuti, "Zikomo alamu, koma ndikuona ngati walowa." Anzanga anafa nazo kuseka. Ine ndinamva ngati andiwombera m'manja, ndiye ndinawonjezera moto. Mlungu wachiwiri tinagwera timu imodzi, koma chala chinali chitazolowera kale, moti ndinkawatonza ndili nawo mbali imodzi. Apa nkhani inasintha ine osazindikira. Mdani akakuseka amakuputa kuti ulimbe. Mnzako wa timu akakuseka amakhala akukuuza kuti ndiwe katundu.

Zizindikiro zinalipo, kungoti ndinkaziwerenga mozondoka. Alamu anasiya kulankhula, ine n'kumati aika maganizo pa mpira. Anasiya kuthamangira mpira n'kumangokhala pakona pafupi ndi golo, ine n'kumati aphunzira kutchinga. Munthu anali akubisala kuti asapezeke pamalo polakwitsa. Ngakhale kuseka kwa anzanga kunali kutachepa, kutatsala kaphwete kamodzi kamodzi kaulemu, koma amene akusangalala ndi nthabwala zake samva kuti akuseka yekha.

Ndiye inafika gemu yomaliza ya usiku umenewo. Tinali 2 kwa 2, nthawi yatha, talowa yowonjezera, imene wogoletsa koyamba ndiye wapambana. Mpira unabwera chokwera kulunjika golo lathu. Alamu anadumpha, n'kuudutsa pansi monga mwa masiku onse. Ine osayembekezera kuona kumene uthere, chala chinayamba ntchito: kumanzere pansi, kumanzere pansi, kumanzere pansi, n'kupitirizabe. Gemuyi imatopa nawo anthu ngati ine. Mukatumiza mawu motsatizana chonchi imakutsekani pakamwa, ndipo pakona panga panalembedwa `Chat disabled for 3 seconds`.

Mpira uja sunalowe. Unamenya chitsulo cha pamwamba n'kugwera kutsogolo kwa golo. Koma kuti mudine mivi ija, chala chachikulu cha kumanzere chimachoka pa kandodo kowongolera galimoto. Yanga inali ikubwerera kwathu pa liwiro lonse, yopanda dalaivala, dalaivala ali kalikiliki kunyoza mlamu wake. Inaupeza mpirawo bwinobwino pakatikati n'kuukhomera mu golo lathu lomwe, mwamphamvu kuposa chigoli chilichonse chimene ndinagoletsapo kumbali yoyenera.

Ndinadina pansi kawiri, pamene pali `Sorry!` Zii. Ndinadinanso. Pakamwa potseka. Masekondi atatu si kanthu mukamadikira madzi kuti awire, koma apa gemu inali ikubwereza chigolicho kuti aliyense aonetsetse, ndipo anzanga anayi, kuphatikizapo wa timu yanga, anadzaza sikirini ndi mawu anga omwe aja. Mmodzi yekha ndi amene sanatumize kanthu. Patapita kamphindi dzina la alamu linazimiririka pa mndandanda.

Lachisanu lotsatira tinali asanu. Asanu sagawika. Tinayesa awiri awiri wina akudikira, tinayesa kudzaza mpatawo ndi galimoto yoyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo ndikuuzeni, kunyoza kompyuta n'kouma ngati kukalipira khoma. Anzanga sanandikalipire. Ankangoti akaphonya okha mpira amati, "Pepani akulu, ndimalemba uthenga." Mkazi wanga ndiye anafunsa funso limodzi lokha, kuti achimwene ake amene amaonera ngakhale mpira wa ana mpaka wezulo yomaliza, ndawachita chiyani kuti anene kuti kontirola yawo yadwala.

Opanga magemu anaziona kale zoterezi. Mu 2016 opanga gemu ina yotchedwa Overwatch anakonza kuti munthu akalemba `gg ez`, kutanthauza kuti takugonjetsani mosatuluka thukuta, gemuyo izisintha mawuwo kukhala odzichepetsa kapena odziseka yekha wolembayo. Sanaletse nthabwala, anangoitembenuza kuti ilume mwini wake. Ine gemu sinachite kundikonzera, ndinadzikonzera ndekha ndi chala changa.

Ndinawaimbira alamu. Ndinayamba ndi zoti ndi mmene timachezera, koma anandidula mofatsa. "Alamu, kuseka sindikana. Chigoli chanu chija ndinaseka mpaka misozi, kungoti ndinali nditatseka maikolofoni. Koma inu mumaseka kuphonya kulikonse, ndipo ine ndimaphonya kulikonse. Ndiye usiku wonse nkhani ndine." Ndinasowa choyankha, ulendo uno popanda gemu kunditseka.

Tinapangana ndi anzanga zochepa chabe. Kumanzere pansi ndi kamodzi pa chigoli, ndipo n'kwa timu inayo basi. Amene ali patsogolo ndi zigoli zitatu akhale chete, mawu atsale kwa amene akugonja. Chosekedwa ndi chimene galimoto yachita, osati amene wagwira kontirola. Ndipo watsopano sagemulidwa mpaka atayamba yekha kugemula. Ine anandiwonjezera lamulo langalanga: mpira ukadali m'mwamba, chala chikhale pa kandodo.

Alamu anabwerera, ndipo anayambanso kuthamangira mpira, kuuphonya, kuseka mokweza. Patapita milungu itatu tinagwera matimu osiyana, ine ndili pagolo. Mpira unawagunda chammbuyo iwo akuyang'ana kwina, n'kumagubuduzika pang'onopang'ono kubwera kwa ine. Ndinaupeputsa, ndinadumpha mwamatama, n'kuudutsa pamwamba. Unalowa ngati ukupepesa.

Pa mahedifoni panali duu. Kenako mawu ofatsa aja: "Alamu, pepani kukuvutitsani. Batani lija mumadina liti?"

"Kumanzere, kenako pansi," ndinatero.

"Kamodzi eti?"

"Kamodzi, alamu."

Anadina katatu.