Mmene ndimaimbira masewera a raundasi kusukulu

Pasukulu imene ndimaphunzitsa kuno ku England, raundasi, masewera omenya mpira ndi ndodo n'kuthamanga mozungulira nsanamira zinayi, timasewera m'chilimwe, ndipo timatsatira malamulo a bungwe la Rounders England. Likakhala tsiku langa loimbira, ndimayamba ndi kuyeza bwalo ana asanafike. Kuchokera pamalo omenyera mpira kukafika pa nsanamira yoyamba pamakhala mamita 12, ndipo mtundawu ndi womwewo pakati pa yoyamba ndi yachiwiri komanso pakati pa yachiwiri ndi yachitatu, koma kuchoka pa yachitatu kukafika pa yachinayi ndi mamita 8.5 okha.

Kenaka ndimalemba mayina a omenya asanu ndi anayi motsatira mndandanda umene timu yasankha, ndipo mndandandawo susintha mpaka gawo lawo lomenya litatha. Amene wazungulira bwinobwino amakaima kumapeto kwa mzere, pamene amene watulutsidwa amakhala pambali.

Womenya aliyense amaponyeredwa mpira wabwino umodzi, ndipo ayenera kuthamanga, ndodo yake ili m'manja, kaya waumenya kapena waulephera. Mpira wodutsa pamwamba pa mutu, pansi pa bondo, kapena wogunda pansi usanamufike ndi wolakwika, ndipo woponya akalakwitsa kawiri motsatizana kwa mwana yemweyo, timu yomenya ndimaipatsa theka la raunda, yomwe ndi chigoli cha masewerawa.

Mkangano waukulu umabuka powerengera. Tiyerekeze kuti mtsikana wamenya mpira n'kuthamanga kunja kwa nsanamira zonse mpaka kukhudza yachinayi mpira wina usanaponyedwe: pamenepo ndimalemba raunda yathunthu. Akaima pa yachiwiri kapena yachitatu, amapeza theka. Koma akadikira pamenepo, n'kudzafika pa yachinayi mnzake atamenya, sapezanso kanthu, ngakhale kuti amakhala wapulumuka ndipo adzamenyanso. Lamuloli ana amalikana kwambiri, chifukwa kwa iwo kufika ndi kufika basi, choncho ndimalifotokoza tisanayambe. Amene waulephera mpira koma wazungulira mpaka pa yachinayi amapezanso theka, pomwe kuima pa yachiwiri osamenya sikupindula kanthu.

Maso anga amakhala pa manja a amene aima pa nsanamira, popeza ayenera kuigwira ndi dzanja kapena ndodo pamene woponya wagwira mpira ali pamalo ake oponyera. Ndimatulutsa amene mpira wake wawakhidwa m'mwamba, amene wapitirira mnzake, amene wadutsa m'kati mwa nsanamira, ndiponso amene nsanamira yomwe akuthamangirako yakhudzidwa ndi mpira iye asanafike. Mpira ukamenyedwera kumbuyo, womenyayo amadikira pa yoyamba kufikira utabwerera kutsogolo kwa mzere wa pamalo omenyera.

Akatsala womenya mmodzi, ndimamulola kusankha pa mipira yabwino itatu, ndipo akakwanitsa raunda amapuma mphindi imodzi asanamenyenso.