Owonera 8,400 amene sanali a kwathu

Ntchito yanga ndi kuwerengera. Bungwe lathu, lomwe lili pa boma la Dedza pano, limajambula mavidiyo a Chichewa ophunzitsa ulimi wa mbatatesi n'kumawaika pa YouTube, ndipo pakatha miyezi itatu iliyonse ine ndimalemba lipoti lopita kwa otithandiza ndalama: anthu angati aonera, aonera nthawi yaitali bwanji, ali kuti. Lipoti la Epulo mpaka Juni linkafunika Lachisanu.

Lolemba ndinafika zala zili gwa ndi chisanu, ndisanayatse n'komwe ketulo, a Mayi oyang'anira ofesi ali kale pakhomo panga foni ili m'manja. “Achimwene, mwaona? Vidiyo ya chiwawu ija yaphulika!” Vidiyo imeneyi ndi ya mphindi 6 ndi masekondi 20, yofotokoza mmene mlimi angadziwire chiwawu pa masamba chisanafike ku tsinde. Masiku onse imaoneredwa ka 45 kapena kuyandikira pamenepo patsiku. Tsopano chiwerengero chinali chitakwera ndi zikwi zisanu ndi zitatu n'kanthu pa Loweruka ndi Lamulungu pokha. Tinalonjeza kufika 15,000 m'miyezi itatuyi ndipo tinkaperewera, ndiye chimwemwe chawo ndinachimvetsa. Ine mtima unangoti myuu.

Mwayi wanga unali woti ndinaziona Lolemba m'mawa. Mu YouTube Studio, tsamba limene mwini tchanelo amaonerapo ziwerengero za mavidiyo ake, muli kabokosi ka Realtime kamene kamaonetsa maola 48 apitawa, ola lililonse ndi kamzati kake. Maola amenewa akadutsa, chithunzicho chapita, umangotsala ndi ziwerengero za tsiku lathunthu. Ndinajambula sikirini nthawi yomweyo. Anthu athu amaonera madzulo, akaweruka ku dimba, kuyambira cha m'ma 6 mpaka 9, ndipo pakati pa usiku timizatito timagona pansi. Apa zinali zina. Kuyambira 10 koloko usiku wa Loweruka mpaka 4 koloko m'bandakucha wa Lolemba, timizati tinali tofanana msinkhu ngati mizere yokoka ndi chingwe, pafupifupi 280 pa ola, maola 30 osapuma, kenako zii. Ndani ku Bembeke amadzuka 3 koloko usiku mu Juni, kusiya bulangeti, kuti aonere za chiwawu? Nanga Lamulungu m'mawa, anthu ali ku tchalitchi, bwanji chiwerengero sichinatsikeko?

Ndinauza a Mayi kuti ndikukayikira maboti. Anandiyang'ana kaye, n'kufunsa ngati ndikunena a ku Chipoka. Ndinawafotokozera kuti awa si a panyanja: ndi mapulogalamu a pakompyuta amene amatsegula vidiyo kambirimbiri ngati anthu, ndipo alipo ogulitsa zimenezi pa mtengo wa chikwi chilichonse. Anati tisafulumire kunyoza mwayi. Sanalakwitse, chifukwa kukwera kokha si umboni.

Lachiwiri silinapindule kwenikweni. Ziwerengero zatsatanetsatane zimachedwa masiku ngati awiri kuti zikhazikike, magetsi nawo anazima masana onse. Ndinangomaliza mbali ya lipoti yokamba za maphunziro a m'midzi.

Lachitatu ndiye linali tsiku la ntchito yeniyeni. Ndinalowa mu Advanced mode, ndinasankha vidiyo ija yokha ndi masiku awiri okhawo. Pano pali kamsampha kamene kanandisokonezapo kale: YouTube imawerenga tsiku potsata nthawi ya ku California, ndipo mu Juni ife timakhala patsogolo ndi maola 9. Tsiku lawo limayamba ife ili 9 koloko m'mawa. N'chifukwa chake zomwe ndinaziona zikufika Lolemba m'bandakucha zinalembedwa pa Lamulungu: 3,121 Loweruka, 5,369 Lamulungu.

Choyamba kuyang'ana chinali Average view duration. Masiku abwinobwino munthu amakhala pa vidiyoyi mphindi 2 ndi masekondi 50. Pa masiku awiriwa zinali masekondi 32. Ndinatenga kakyuleta. Anthu enieni 8,400 akanaonera monga amachitira alimi athu, maola oonera akanawonjezeka ndi pafupifupi 397. Anawonjezeka ndi 70 n'kanthu basi. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mzere wosonyeza pamene anthu amasiyira vidiyo. Anthu enieni amachoka mosiyanasiyana: ena masekondi oyambirira, ena bandulo ikatha, ena amabwerera m'mbuyo kukaonanso pamene mlangizi akutembenuza tsamba kuonetsa nkhungu yoyera ya kunsi, ndipo pamenepo mzere umapanga kachulu. Wa masiku awiriwa unayenda mowongoka mpaka pa sekondi ya 30, kenako unagwa chiphompho. Anthu zikwi sangatope ndi vidiyo pa sekondi imodzimodzi. Wina anawatchera nthawi.

Kenako Traffic source, yosonyeza njira imene owonera anafikira pa vidiyo. Vidiyo ikakwera chifukwa YouTube yayamba kuionetsa kwa ambiri, zimaonekera pa Browse features kapena Suggested videos, ndipo Impressions, chiwerengero cha nthawi zimene YouTube yaonetsa anthu kachithunzi ka vidiyo, amakwerera limodzi. Apa Impressions anali pomwe amakhala masiku onse. Pafupifupi owonera onse anali pa Direct or unknown, kutanthauza olowa mwachindunji kapena osadziwika kumene achokera, otsalawo pa External kuchokera ku masamba awiri a maina osamveka amene sindinayese n'komwe kuwatsegula. Pa Geography, Malawi inali pansi penipeni, pamwamba pali maiko awiri a ku Asia. Owonera a kunja paokha sandidabwitsa: Chichewa chimamveka kutsidya kwa malire ku Angonia, kum'mawa kwa Zambia, komanso abale athu a ku Joni amaonera ndithu. Koma vidiyo yopanda mawu olembedwa a chilankhulo china, yokamba za dimba la ku Dedza? Pa Device type, ife timazolowera kuti mwa khumi aliyense asanu ndi anayi ndi a foni. Apa ambiri anali a kompyuta. Ndemanga panalibe ngakhale imodzi, wolembetsa watsopano panalibe.

Popeza ndinali nditayamba kale kukayikira, ndinaona kuti ndifufuze miyezi yonse itatu, kuopa kuti mwina si koyamba. Ndinatsitsa ziwerengero za tsiku ndi tsiku za vidiyo iliyonse mu sipuredishiti, n'kuika fomula yoyerekeza tsiku lililonse ndi masiku 28 a m'mbuyo mwake:

```
=IF(B30>5*MEDIAN(B2:B29),"ONA","")
```

Ndimagwiritsa MEDIAN osati AVERAGE chifukwa tsiku limodzi lotupa limakokera avereji m'mwamba, ndiye tsiku lotupa lotsatira limaoneka ngati labwinobwino. MEDIAN imangotenga nambala ya pakati, ndipo tsiku limodzi lamisala siliisuntha kwenikweni. Tsiku likaposa nambala ya pakatiyo kasanu, fomula imalemba ONA. Kasanu kameneko si lamulo la wina aliyense, ndinangosankha ndekha poona mmene mavidiyo athu amayendera.

Fomula inakola malo enanso amodzi: vidiyo ya kasungidwe ka mbewu, pakati pa Meyi, inachoka pa 30 kufika 620 tsiku limodzi. Ndinaifunsa mafunso omwewo, mayankho ake anali ena. Ochuluka anabwera pa External kudzera pa WhatsApp, pafupifupi onse pa foni, Malawi pamwamba, Mozambique pambuyo pake. Ankakhala mphindi 2 ndi masekondi 40. Ndipo inatsika pang'onopang'ono: 620, mawa lake 310, mkuja 150, monga uthenga umayendera ukamachoka gulu lina kupita lina. M'ndemanga wina ankafunsa ngati mbewu yogula pa Lizulu ingasungike chimodzimodzi, wina akutsutsa mlangizi wathu pa nkhani ya phulusa. Nditaimbira mnzanga wa ku munda anakumbukira kuti mlimi wina wotsogolera anaiponya pa gulu la kalabu yawo. Imeneyi ndinaisiya momwemo.

Ndivomereze kuti a ulendo uno anali maboti otchipa. Alipo ogulitsa amene amabalalitsa maola, amanamizira foni ndi dziko, ndipo amenewo chizindikiro chimodzi sichingawagwire. Direct or unknown payokha sitanthauza chinyengo, chifukwa munthu wolemba linki yekha kapena wochokera pa apu yosadziwika amagweranso momwemo. Chimene ndimadalira n'choti nthawi yoonera, gwero, dziko ndi ola zonse ziloze kumodzi.

Lachinayi tinapeza gwero. Tili ndi mnyamata amene tinamupatsa kaganyu kofalitsa mavidiyo m'magulu a alimi, ndipo mgwirizano wake unkati alandira kabonasi owonera akakwera. Ndinamuitanira tiyi pa kantini, sindinafune za mu ofesi. Sanakane n'komwe. “Akulu, ine ndimaona ngati ndi adivati. Munthuyo anati amapanga pulomoshoni, ndinamutumizira K35,000 pa foni.” Anandionetsa mauthenga ake: wogulitsayo analonjeza 10,000 m'masiku awiri, osafunsa kuti vidiyoyo ndi ya chilankhulo chanji kapena ikufuna anthu a kuti. Ndinamuonetsa kuti malonda enieni olipira amalembedwa pa YouTube advertising, ndipo pa mzere umenewo panali ziro. Anagwira pakamwa. Ine ndinamumvera chisoni kuposa kumukwiyira, pakuti mgwirizano wolipira munthu potengera nambala imene ingagulidwe pa WhatsApp tinaulemba ndife, ineyo ndinauwerenga n'kuuvomereza.

Kukambirana kovuta kunali kwa madzulo. Ndi owonera abodzawo tinali pa 21,300. Ndinachotsa masiku awiri aja n'kuikapo 45 tsiku lililonse, kutanthauza kuchotsa 8,400, tinatsala ndi 12,900. A Mayi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, “Nanga tikangosiya? Si ife tinagula.” Ndinawakumbutsa kuti YouTube imaunikanso ziwerengero n'kuchotsa zomwe yaona kuti n'zabodza, ndipo malamulo ake amaletsa kugula owonera moti tchanelo ikhoza kutsekedwa. Otithandizawo akadzatsegula vidiyo mwezi wamawa n'kupeza nambala yochepa kuposa ya mu lipoti, tidzati chiyani? Palinso china chimene sankachiona: tikasiya 8,400 aja, nthawi imene munthu amakhala pa vidiyo ya chiwawu itsika kwambiri, ndipo wowerenga lipoti adzaganiza kuti vidiyo yathu yabwino koposa ndiyo yotopetsa.

Lachisanu m'mawa nditatsegula, chiwerengero cha pansi pa vidiyo chinali chitatsika kale ndi 5,000 n'kanthu. Ndinapita nayo laputopu ku ofesi ya a Mayi osanena kanthu. Anavala magalasi, anayang'ana, anati, “Lembani 12,900.” Pansi pa tebulo la ziwerengero ndinawonjezera ndime ya mizere inayi yonena masiku amene tachotsa, chifukwa chake, ndi nambala imene taikapo, ndipo chithunzi cha timizati tofanana tija ndinachiika kumapeto. Lipoti linapita 3 koloko.

Mgwirizano wa mnyamata uja tikuulembanso, bonasi izitengera maola oonera a ku Malawi ndi Mozambique. Wogulitsa uja wamulemberanso kale, akuti 1,600 otsala aja awatumiza Loweruka likubwerali. Ndamuuza amuyankhe kuti asatumize, koma Lolemba ndilawirira ndithu kukajambula Realtime.